Chikhodzodzo Chosaugwira Mtima: Mkodzo Wopanikiza ndi Wodontha

Chikhodzodzo ndi thumba la minofu limene limasunga mkodzo wochokera ku impso. Mwa munthu wamkulu chimasunga pafupifupi theka la lita, ndipo pamene chikudzaza, minofu yake imakhala yomasuka kufikira mwini wake atapeza malo oyenera. Mwa anthu ena dongosolo limeneli limasokonekera. Minofu ija imayamba kufinya yokha mkodzo ukadali wochepa, ndipo munthu amangomva kupanikizika kwadzidzidzi kumene sikulola kudikira. Amataya madzi kopitirira maulendo 8 pa tsiku, amadzuka kawirikawiri usiku, ndipo nthawi zina mkodzo umatuluka asanafike kuchimbudzi. Ambiri amati umawagwira akangomva madzi akutuluka pampopi, akagwira madzi ozizira, kapena akangofika pakhomo la nyumba yawo.

Vutoli limagwira amayi ndi abambo omwe, ndipo limachuluka ndi ukalamba, ngakhale si mbali ya ukalamba imene munthu ayenera kungoivomereza. Ndi losiyana ndi kudontha kumene kumachitika munthu akatsokomola, akaseka kapena akanyamula katundu, kumene gwero lake ndi kufooka kwa minofu yotseka njira ya mkodzo. Amayi ambiri ali ndi mavuto awiriwa pamodzi.

Kuchipatala amayamba ndi kupima mkodzo, chifukwa matenda ena amabwera ndi zizindikiro zomwezi. Tizilombo tikalowa m'chikhodzodzo, mkodzo umawotcha potuluka. Shuga akakwera, munthu amamva ludzu losatha ndipo amakodza wambiri. Likodzo, limene ndi lofala m'madera a m'mbali mwa nyanja ya Malawi ndi m'chigwa cha Shire, limatupitsa chikhodzodzo n'kubweretsa magazi kumapeto kwa mkodzo. Mwa abambo achikulire, pulositeti yokula imatsekereza njira moti chikhodzodzo sichikhuthuka chonse. Mayi amene amadontha usana ndi usiku osamva kupanikizika kulikonse, makamaka atabereka movutikira, angakhale ndi fisitula, imene imafuna opaleshoni. Magazi mumkodzo, kutentha thupi, kulephera kukodza kapena dzanzi m'miyendo ndi zizindikiro zosayenera kukhala nazo pakhomo.

Zonsezi zikapezeka kuti palibe, chithandizo choyamba si mapiritsi koma kuphunzitsa chikhodzodzo kudikira. Maziko ake ndi akuti munthu akamathamangira kuchimbudzi nthawi iliyonse pamene chafinya, ndiponso akamakodza mongodziteteza asananyamuke ulendo uliwonse, chikhodzodzo chimazolowera kuitana mkodzo usanachuluke. Chizolowezi chimenechi chimatha kusinthika.

Ntchito imayamba ndi kulemba. Kwa masiku 3 munthu amalemba m'kope nthawi imene wamwa, chimene wamwa, nthawi imene wakodza, kuchuluka kwake poyeza m'chigubu chokhala ndi mizere, ndi nthawi imene wadontha. Tiyerekeze mayi wa zaka 52 wogulitsa tomato pamsika. Kope lake likusonyeza kuti masana amapita kuchimbudzi pafupifupi ola lililonse, amatulutsa mkodzo wosadzaza kapu, amadzuka katatu usiku ndipo amadontha kawiri pa tsiku. Sabata yoyamba amauzidwa kuti azikodza akangodzuka m'mawa, kenako pa ola lililonse motsatira wotchi, kaya wapanikizika kaya ayi. Akatha masiku angapo osavutika, amawonjezera mphindi 15. Amatero sabata ndi sabata mpaka afike pa maola atatu kapena kuyandikira pamenepo. Usiku satsatira wotchi. Amadzuka pokhapokha mkodzo ukamudzutsa.

Povuta ndi pamene kupanikizika kwabwera nthawi isanakwane. Kuthamanga ndiko kumagwetsa ambiri, chifukwa kumagwedeza chikhodzodzo chimene chayamba kale kufinya. Mayiyu ayenera kuima pomwepo, kapena kukhala pansi pamalo olimba ngati m'mphepete mwa benchi. Kenako amange ndi kumasula msangamsanga, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, minofu ya kunsi imene munthu amamanga akafuna kugwira mpweya woipa pagulu. Kumanga minofu imeneyi kumatumiza uthenga m'mitsempha woti chikhodzodzo chisiye kufinya. Apume pang'onopang'ono, aike maganizo pa china, monga kuwerengera ndalama za malonda a tsikulo. Kupanikizika kumakwera n'kutsika ngati funde, ndipo kukatsika amapitiriza ntchito kapena amayenda modekha kupita kuchimbudzi. Akadontha masiku awiri kapena atatu otsatizana, ndiye kuti wawonjezera nthawi mofulumira, ndipo abwerere pamene anali sabata yatha. Maphunzirowa amafuna masabata osachepera 6, ndipo amene amawasiya pa sabata yachiwiri amakhala asanawapatse mpata. Mayi ngati uyu akafika podikira maola awiri ndi theka n'kumadzuka kamodzi usiku, wapindula kwambiri ngakhale kudontha kusanatheretu.

Pa zakumwa, anthu ambiri amalakwitsa mwa kudzimana madzi. Maganizo ake ndi omveka, koma mkodzo ukachepa umakhala wamphamvu, wachikasu kwambiri ndi wonunkha, ndipo umanyerenyetsa chikhodzodzo kuti chifinye msanga. Kudzimana madzi kumabweretsanso kudzimbidwa, ndipo matumbo odzaza amapanikiza chikhodzodzo. Kwa anthu ambiri lita imodzi ndi theka mpaka malita 2 pa tsiku ndi okwanira, kuonjezerapo m'nyengo yotentha kapena pogwira ntchito ya thukuta, pokhapokha ngati adokotala anaika malire chifukwa cha mtima kapena impso. Mkodzo wachikasu chotuwa ndiwo chizindikiro chakuti madzi akukwana. Ndi bwino kumwa pang'onopang'ono tsiku lonse kusiyana ndi kugugudiza makapu atatu nthawi imodzi, ndi kusiya kumwa maola awiri kapena atatu asanagone. Tiyi, khofi, zakumwa za kola ndi zakumwa zopatsa mphamvu zili ndi kafini, amene amadzutsa chikhodzodzo, ndipo mowa umachulukitsa mkodzo. Wozolowera tiyi wambiri achepetse kapu imodzi pa masiku angapo, chifukwa kusiya kamodzin'kamodzi kumapweteketsa mutu. Amene amamwa mapiritsi okodzetsa a mtima kapena a kuthamanga kwa magazi, monga furosemidi, asawasiye okha, koma afunse za nthawi yabwino yomwera.

Mankhwala amabwera pamene maphunziro ndi kusintha zakumwa sizinakwanire, ndipo amagwira bwino akamayendera limodzi ndi maphunzirowo. Gulu lakale limatseka uthenga wa mitsempha umene umauza chikhodzodzo kuti chifinye. M'gululi muli okisibutinini, amene nthawi zambiri amayambira pa mamiligalamu 2.5 kapena 5 kawiri kapena katatu pa tsiku, toliterodini, ndi solifenasini, amene amamwedwa kamodzi pa tsiku. Phindu lake lonse limaoneka pakatha masabata pafupifupi 4. Amaumitsa m'kamwa, amadzimbiditsa ndipo ena amaona mwachimbuuzi. Mwa okalamba, makamaka ofooka kale m'thupi, okisibutinini angabweretse chizungulire, kuiwalaiwala ndi kusokonezeka mutu, zimene achibale angaziyese ukalamba chabe. Sayenera kwa munthu amene chikhodzodzo chake sichikhuthuka bwino, chifukwa mkodzo ungatsekeke, ngakhalenso kwa amene ali ndi mtundu wina wa matenda a maso a gulakoma.

Mirabegironi ndi wa gulu lina: amamasula minofu ya chikhodzodzo pamene chikudzaza, ndipo saumitsa m'kamwa kwambiri. Koma angakweze kuthamanga kwa magazi, choncho magazi amayezedwa asanayambe kumwa ndiponso akumwa, ndipo ndi wokwera mtengo. Kwa amayi amene anasiya kusamba ndipo kumaso kwawo kumauma, mankhwala opaka kunjira ya abambo okhala ndi esitirojeni amachepetsa kupanikizika. Zonsezi zikakanika, madokotala a njira ya mkodzo amatha kubaya minofu ya chikhodzodzo ndi mankhwala a botokisi, amene amagwira miyezi ingapo kenako n'kufunika kubwereza. Ena mwa obayidwa amalephera kukhuthula mkodzo wonse kwa kanthawi, choncho amayamba aphunzitsidwa kudzitulutsa mkodzo ndi kapaipi.