Ukamachoka pantchito, umusiyire chiyani wokulowa m'malo?

Zaka zapitazo ndinalowa ntchito ya uofesala wa pulojekiti pabungwe lina lomwe linkakumba mijigo m'boma lina la m'chigawo chapakati. Amene ndinawalowa m'malo anali atapita kale kuntchito yawo yatsopano. Pa tebulo ndinapeza makiyi a njinga yamoto, kompyuta ndi pepala limodzi. Pa nkhani ya mijigo panali mawu awa okha: "Mijigo yonse khumi inatha. Kwatsala kulipira kontirakitala ndalama zake zotsala."

Mawuwa sanali abodza. Koma anatipweteka, ndipo kuyambira nthawi imeneyo lipoti losiyirana ntchito, lomwe m'maofesi timangoti handiova, ndimaliwerenga ndi maso awiri.

Nkhani yake inali motere. Bungwe likamalipira kontirakitala, silimupatsa ndalama zonse tsiku lomwe wamaliza. Limasungako gawo lina, kawirikawiri magawo 5 kapena 10 pa 100 alionse, kwa miyezi imene agwirizana m'kontirakiti. Mjigo ukavuta m'miyezi imeneyi chifukwa cha mmene anaugwirira ntchito, kontirakitala amabwera kudzakonza ndi ndalama zake, apo ayi zotsala zija sazilandira. Mwachitsanzo, ngati kontirakiti ndi ya K150 miliyoni ndipo mwasunga magawo 10, ndiye kuti muli ndi K15 miliyoni m'manja. Ndi chingwe chokhacho chomwe mungamukokere nacho munthu amene makina ake ali kale m'boma lina.

Ifeyo mijigo inatha kumapeto kwa Seputembala, ndipo miyezi isanu ndi umodzi yodikira inkatha pa 31 Malichi. Ine ndinafika mu Febuluwale. Ndinayendera mijigo yonse, ndinapopa ndekha, madzi ankatuluka mwamphamvu. Mu Epulo ndinasayina kuti kontirakitala alipidwe.

Utafika Okutobala, mfumu ya mudzi wina inabwera ku ofesi. "Achimwene, mjigo uja wayambanso. Amayi akatunga ndowa zingapo m'mawa, basi, mpaka madzulo. Tinawauza anzanu aja chaka chatha, iwo anati awauza eni makina abwere adzaonenso."

Zinali zoona. Mnzanga uja anamuimbiradi foni kontirakitala mu Novembala, ndipo anagwirizana pakamwa. Koma mvula itagwa, madzi apansi panthaka anakwera, mjigo unabisa matenda ake. Aliyense wodziwa za mijigo amadziwa kuti mjigo wofooka umaonekera mu Okutobala ndi Novembala, madzi akatsika. Amene angauyendere mu Febuluwale sangaone kanthu. Munthu yekhayo amene ankadziwa anali atachoka, ndipo nkhaniyo anapita nayo m'mutu. Akuluakulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mlomo wa mnzangawo unatsata ine.

Ntchito zotsala: tsiku, munthu, chochita

Cholakwika chachikulu pa malipoti amenewa n'chakuti wochokayo amalemba zimene wakwanitsa. Amafuna kuti abwana amukumbukire bwino, ndiye masamba atatu amadzaza ndi misonkhano imene anachititsa. Zimenezo zili kale m'malipoti a miyezi itatuitatu. Wolowayo akufuna kudziwa chimene chimugwere sabata yamawa, mwezi wamawa, ndi chimene chingaonongeke akapanda kuchitapo kanthu.

Choncho ntchito iliyonse yotsala iyankhe mafunso anayi: yafika pati, chotsatira n'chiyani, ili m'manja mwa ndani panopa, ndipo ikufunika pofika liti. Mzere wa mijigo uja ukanalembedwa bwino ukanamveka chonchi:

"Mjigo nambala 7 unkaphwa mu Okutobala ndi Novembala. Ndinamuuza kontirakitala pafoni, kalata sindinalembe. Mulembereni kalata pasanafike pa 31 Malichi, abwana asayine, ndipo mupemphe kuti ayesenso kuchuluka kwa madzi. Musasayine malipiro otsala mpaka nkhaniyi itatha. Panopa madzi akutuluka bwino chifukwa cha mvula, musapusitsike."

Mawu oti "kalata sindinalembe" ndi ovuta kuwalemba, chifukwa munthu akudziulula yekha. Koma ndi amene ali ndi phindu kuposa ena onse m'ndimeyi, poti akumuuza wolowayo kuti umboni palibe ndipo ayenera kuupanga nthawi isanathe.

Ntchitozi zisanjidwe motsata masiku, yoyandikira pamwamba. Zina masiku ake saika ndi bungwe. Msonkho umene mwadula pa malipiro a kontirakitala umayenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndipo iye adzafuna satifiketi yake. Opereka thandizo ali ndi tsiku lawo la lipoti. Mvula nayo ili ndi kalendala yake: ngati mlatho wa kumudzi wina umamira mu Januwale, lembani, kuti wina asakonze maphunziro a komiti ya mjigo m'sabata imene galimoto singawoloke.

Pakhalenso kagawo kapadera ka malonjezo apakamwa. Pamsonkhano wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ya VDC, ofesala amatha kunena kuti "tiona ngati tingakupatseni zipangizo zina za mjigo." Iye amaiwala, koma mudzi suiwala, ndipo kwa iwo walonjeza ndi bungwe, osati munthu. Lembani chimene munanena, kuti, kwa yani, komanso ngati ndalama yake ilipo mu bajeti. Ngati palibe, neneninso, kuti wolowayo akapepese msanga asanatchedwe wabodza.

Ndalama zimene munatenga kukagwirira ntchito kumudzi muzitseke nokha musanachoke. Malisiti ndi mapepala osayinapo olandira alawansi apite ku ofesi ya zachuma, chenji chibwezedwe. Ngongole ya mtundu umenewu sasiyirana.

Nambala ya foni payokha sithandiza

Gawo lachiwiri ndi la anthu. Ambiri amangolemba mayina ndi manambala ngati mndandanda wa oitanidwa kuukwati. Wolowayo amaona mayina makumi atatu, osadziwa kuti ayambire pati.

Pa dzina lililonse onjezani udindo wake, chimene mumakambirana naye, ndi pomwe nkhani munaisiyira. Pa ntchito ya mijigo simungalephere kutchula mkulu wa zamadzi kukhonsolo ndi mlangizi wake wa m'deralo, mlangizi wa zaumoyo, wapampando wa komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu, ya ADC, mekaniki wa m'dera amene amakonza mapampu a Afridev, ndi msungichuma wa komiti ya mjigo uliwonse.

Kenaka fotokozani njira yake. Kwa Gogo Chalo sangotulukira, pali munthu wokufikitsani. Pulojekiti ikasintha dera kapena ntchito, nkhaniyo imayenera kudutsa ku komiti ya akuluakulu a nthambi za boma ndi mabungwe pakhonsolo, ya DEC, ndipo wolowayo adziwe kuti munakaonekerako liti komanso anakufunsani chiyani. Ngati wapampando wina foni yake imagwira akakwera pachulu madzulo okha, kapena ngati midzi iwiri inakanganirana malo a mjigo, zilembeni. Zimenezi munthu amazidziwa patapita chaka, koma kuzilemba ndi mizere iwiri.

Pano pali malire. Lipotili lidzawerengedwa ndi abwana, owerengera ndalama, mwinanso munthu amene mukumunenayo. Musalembe kuti uje ndi waulesi. Lembani zimene zinachitika: "Tinapempha zotsatira za kuyeza madzi kawiri, mu Novembala ndi mu Januwale, sizinabwere." Wolowayo ali ndi mutu, amva.

Mafayilo: ali kuti, ndipo weniweni ndi uti?

M'kompyuta imene ndinaipeza munali mabajeti anayi a mayina ngati `budget final.xlsx` ndi `budget final2 NEW.xlsx`. Ndinagwiritsa ntchito wolakwika kwa milungu itatu. Lipoti labwino limatchula fayilo imodzi imene opereka thandizo anavomereza, ndi pomwe ili. Kuyamba dzina ndi deti, ngati `2025-01-20_bajeti_yovomerezeka.xlsx`, kumathetsa mkangano, chifukwa mafayilo amadzisanja okha.

Mapepala enieni nawo atchulidwe ndi malo ake, kabati iti, shelefu iti, kiyi ali ndi ndani. Pa mjigo uliwonse payenera kukhala lipoti la okumba losonyeza kuya kwake ndi pomwe anapeza madzi, zotsatira za kuyesa kuchuluka kwa madzi, zotsatira za kulabotale, chikalata cha mwini malo ndi mfumu chovomereza kuti pakumbidwe, ndi satifiketi yoti ntchito yatha. Chimene chikusowa chilembedwe kuti chikusowa. Owerengera ndalama akadzabwera patapita chaka, adzafunsa amene ali pampando tsikulo.

Masiku ano theka la ntchito limakhala m'foni ya ofesala: zithunzi za mijigo, malo ake pamapu, mauthenga a kontirakitala pa WhatsApp. Zimenezi zisamutsidwire m'kompyuta ya ofesi foni isanatuluke pageti, ndipo wolowayo aikidwe kukhala woyang'anira magulu a pafoni a pulojekiti. Mapasiwedi asalembedwe m'lipoti, poti limadutsa m'manja mwa anthu ambiri. A zamakompyuta amutsegulire wolowayo akaunti yakeyake ndi kutseka ya wochokayo. Mayina ndi manambala a ziphaso za anthu opindula ndi pulojekiti nawo asamatidwe m'lipoti, ingonenani pomwe asungidwa.

Katundu awerengedwe nonse muli pomwepo: njinga yamoto ndi makilomita amene yayenda, khadi la mafuta ndi ndalama yotsalamo, kompyuta ndi nambala yake, matumba a simenti otsala m'nyumba yosungiramo katundu. Mukatero musayine atatu, wochoka, wolowa ndi abwana, ndi deti lake. Saini imeneyi imateteza nonse, chifukwa imasonyeza tsiku lomwe udindo unasamuka.

Kuliyesa lisanasayinidwe

Lipotili lisalembedwe Lachisanu lomaliza anzanu akukudikirani ku phwando lotsanzikana. Liyambeni tsiku lomwe mwapereka notisi, ndipo foni iliyonse imene mwalandira m'mwezi umenewo muzidzifunsa ngati wolowayo akanatha kuiyankha. Ngati sakanatha, ndiye kuti pali mzere wosowa.

Wolowayo naye asangolandira ndi manja awiri n'kuthokoza. Safunsa anadya phula. Asankhe ntchito zitatu m'lipotilo, ayese kupeza fayilo yake ndi munthu wake popanda kuthandizidwa. Afunse mwachindunji kuti, "Kodi pali chimene munalonjeza chomwe sichinalembedwe paliponse?" Ngati n'kotheka, ayendere limodzi midzi iwiri kapena itatu, makamaka yovuta, kuti mfumu imve wochokayo akunena yekha kuti nkhani ija tsopano ili ndi awa.

Mjigo nambala 7 tinaukonza ndi ndalama zomwe zinali za maphunziro a makomiti, ndipo kontirakitala titamulembera kalata anangoyankha kuti nthawi yake inatha pa 31 Malichi, satifiketi tinasayina tokha. Sanalakwe. Nditachoka pabungwelo patapita zaka zitatu, lipoti langa linali la masamba asanu, ndipo tsamba loyamba linayamba ndi zinthu ziwiri zimene ndinanena pakamwa koma sindinazilembere kalata.