Makala angati owiritsa malita 5 a madzi?

Tiyerekeze kuti mwatereka poto wa malita 5 m'mawa ku Lilongwe, madzi ake ozizira madigiri 20. Poti mzindawu uli pamtunda wokwera, madzi amawira akafika pafupifupi madigiri 96, osati 100 ngati m'mbali mwa nyanja yamchere. Ndiye kuti moto uyenera kuwakweza ndi madigiri 76.

Kutentha amakuyeza m'makilojulo (kJ). Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo kuti itenthe ndi digiri imodzi imafuna makilojulo 4.2. Poto wathu akufuna 5 × 4.2 × 76, pafupifupi makilojulo 1,600.

Kilogalamu imodzi ya makala ouma bwino imasunga makilojulo pafupifupi 29,000. Kutentha konseko kukanati kuzilowa m'madzi, magalamu 55 okha, odzaza dzanja limodzi, akanakwana. Amene anaphikapo pa mbaula aseka ndithu, chifukwa moto wambiri umathawira m'mbali mwa poto, wina umatenthetsa chitsulo cha mbaulayo, wina umapita ndi mphepo. Mbaula yachitsulo chokhachokha kawirikawiri imafikitsa m'madzi pafupifupi magawo 20 pa 100 alionse. Choncho pa kilogalamu ija, ogwira ntchito ndi makilojulo 5,800 basi. Gawani 1,600 ndi 5,800, mupeza makilogalamu 0.28, kutanthauza magalamu pafupifupi 280. Mbaula yomatidwa dothi mkati, ikamafikitsa magawo 30, imagwira ntchito yomweyo ndi magalamu 185.

Komatu masamuwa athera pamene madzi ayamba kubwadamuka. Chimene chimadya makala kwambiri ndi nthunzi. Kuti lita imodzi ya madzi owira kale isanduke nthunzi pamafunika makilojulo 2,260, kuposa onse aja otenthetsa poto yense. Mukasiya poto wosavindikira n'kuphwa theka la lita, mwataya makilojulo 1,130, amene pa mbaula yachitsulo ndi magalamu enanso pafupifupi 195. Chivindikiro chimapulumutsa makala pafupifupi ofanana ndi amene mungapulumutse pogula mbaula yatsopano, mwinanso kuposa.

Makala onyowa nawo amasokoneza chiwerengero. Madzi ali mkatimo amalemera pa sikelo koma sayaka, ndipo amaba kutentha kuti aume. Mudzawadziwa pochedwa kukolera ndi kufuka utsi woyera. Musayezenso ndi maso kapena ndi jumbo: makala a mtengo wofewa amadzaza jumbo koma ndi opepuka, pamene a tsanya ochepa chabe amalemera.

Kuti mudziwe mphamvu ya mbaula yanu, yezani makala pa sikelo musanayatse. Madzi akangowira, thirani otsalawo m'chitini, mutseke kuti azime okha, muwayezenso. Ngati apsa magalamu 250, ndiye atulutsa makilojulo 7,250, ndipo 1,600 pa 7,250 ndi magawo 22 pa 100.