Amisiri a Magetsi ndi Thiransifoma ya pa Thuchila

Mmisiri wa magetsi akafika pansi pa thiransifoma sathamangira kukwera pholo. Amayamba watulutsa ndodo yaitali yosadutsa moto, n'kukola nayo mafyuzi atatu ali pamwamba paja, limodzi limodzi, mpaka onse atalendewera. Akatero amayeza ngati nthambo zazimadi, n'kuzimangirira ku waya wopita m'nthaka, ndiye n'kuvala lamba wokwerera. Pamalo ngati pa Thuchila, pomwe chigayo, wowotcherera zitsulo ndi wometa onse akudikira bokosi limodzi lomwelo, anthu amang'ung'udza kuti akuchedwa dala. Ine ndimaikira kumbuyo mmisiriyo, pakuti nthambo zimene akuziyandikirazo zimanyamula mavolti 11,000 kapena 33,000, pamene m'nyumba timagwiritsa ntchito 230 okha.

Nanga bwanji osangotumiza 230 yemweyo kuchokera kumene magetsi amapangidwa, anthuwa n'kumagwira ntchito mopanda mantha? Magetsi ambiri a m'dziko muno amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, komwe makina ake amayendetsedwa ndi EGENCO kuyambira 2017, ndipo ESCOM ndiyo imawanyamula ndi kuwagawa. Kuchokera kumeneko kufika ku Mulanje ndi mtunda, ndipo waya aliyense amatentha moto ukamadutsamo. Kutenthako ndi magetsi otayika panjira.

Amisiri amasiyanitsa zinthu ziwiri. Mavolti ndi mphamvu yokankha, maampu ndi kuchuluka kwa moto umene ukuyenda m'waya. Ntchito imene magetsi angagwire imachokera pochulukitsa ziwirizi, choncho ukakweza mavolti, maampu ochepa amakwanira ntchito yomweyo. Koma chimene chimatenthetsa waya ndi maampu, ndipo sichikwera pang'onopang'ono: maampu akachuluka kawiri, zotayika zimachuluka kanayi, akachuluka kakhumi, zotayika zimachuluka ka 100.

Titenge chigayo cha mota ya makilowati 22. Pa mavolti 400, amene amapezeka pakati pa nthambo ziwiri mwa zitatu zamoto, mota yotere imakoka maampu pafupifupi 40 pa nthambo iliyonse. Tiyerekeze kuti magetsiwo akuchokera makilomita 10, pa waya wamba wa m'mapholo amene kukana kwake moto pa mtunda wotere ndi maomu pafupifupi 5. Zotayika pa nthambo imodzi ndi 40 kuchulukitsa ndi 40 kuchulukitsanso ndi 5, omwe ndi mawati 8,000. Pa nthambo zitatu ndi mawati 24,000, kuposa amene chigayocho chikufuna. Kunena zoona, mota sikanadzuka n'komwe. Tsopano mphamvu yomweyo iyende pa mavolti 11,000. Maampu amatsika kufika pa 1.5, ndipo zotayika pa nthambo zonse zitatu zimangokwana mawati 34, osafika ngakhale a babu lakale lija. Waya ndi yemweyo, mtunda ndi womwewo, chigayo ndi chomwecho. N'chifukwa chake nthambo zikuluzikulu zimakwera kufika pa 66,000 ndi 132,000, ndipo imene inamalizidwa mu 2018 kuchokera ku Phombeya ku Balaka kufika ku Nkhoma inamangidwa kuti inyamule 400,000.

Thiransifoma ndiyo imachita kusinthanitsaku, ndipo payokha sipanga magetsi ngakhale pang'ono. M'kati mwake mulibe chozungulira. Muli timapepala tachitsulo tosanjikizana, ndipo pa chitsulocho anakulungapo mawaya a kopa kapena aluminiyamu magulu awiri osakhudzana. Moto wathu umapita uku ndi uku maulendo 50 pa sekondi, ndiye ukamadutsa m'gulu loyamba umadzutsa mphamvu ya maginito yosinthasintha m'chitsulo, ndipo mphamvuyo imabala moto m'gulu lachiwiri. Gulu limene lakulungidwa kambiri ndilo limakhala ndi mavolti ambiri: likakulungidwa kakhumi kuposa linzake, mavolti akenso amaposa kakhumi, maampu n'kuchepa kakhumi. Ku Nkula thiransifoma imakweza, pa sabusiteshoni ina imatsitsa, ndipo ya pa pholo imatsitsa komaliza kufika pa 400 ndi 230. Kulira kwapansipansi kumene mumamva mukaima pafupi ndi chitsulo chija chikunjenjemera ndi maginito.

Apa ndi pamene pali chinthu chimene chimandidetsa nkhawa, ndipo amisiri amachitchula kawirikawiri. Thiransifoma sidziwa kutsogolo ndi kumbuyo. Magetsi akazima, wa golosale akalumikiza jenereta yake ku soketi ya pakhoma osazimitsa swichi yaikulu, moto wa 230 umatuluka m'nyumba, kutsata nthambo, kulowa m'thiransifoma chakumbuyo, n'kutulukira pamwamba uli masauzande a mavolti. Mmisiri amene anauzidwa kuti nthambo yazimitsidwa ku sabusiteshoni angathe kuigwira ili yamoto, moto wochokera m'sitolo imene akuiona ndi maso. Ndiye amisiri akale amaphunzitsa anyamata kuti nthambo imene sunaimangirire wekha m'nthaka uziitenga ngati yamoto, kaya wanena ndani. Mwini jenereta akaika swichi yosinthira, imene imadula nthambo ya kunja isanalowetse jenereta, ngoziyi imatheratu, koma ambiri amaiona ngati yongowonongetsa ndalama.

Kukwera mapholo, kudula nthambi ndi kusintha mafyuzi ndi za tsiku ndi tsiku. Chimene chimawasowetsa tulo amisiri ndi kutentha kwa thiransifoma. Thiransifoma yolembedwa 100 kVA imatha kupereka maampu pafupifupi 144 pa nthambo iliyonse. Chigayo chimodzi chatenga 40, ndipo pamene mota ikudzuka imakoka kuchulukitsa kangapo, n'chifukwa chake mababu a pafupi amaphethira. Onjezani owotcherera ndi mbaula zamagetsi madzulo. Nthawi zina vuto silikhala kuchuluka kwa anthu koma kagawidwe: nyumba zambiri zalumikizidwa ku nthambo imodzi, ina ili pafupifupi yopanda katundu. Mmisiri wodziwa amabwera nthawi yophika, n'kupana nthambo iliyonse ndi chipangizo choyezera maampu. Akapeza ina ili pa 170 pamene zinzake zili pa 60, amasamutsira nyumba zina ku nthambo zopepukazo, osasintha thiransifoma. Fyuzi ikamaduka pafupipafupi, amati, ikukuuza kanthu, ndipo woikapo waya wonenepa kuti isadukenso wangosamutsira kupsako m'kati mwa bokosi.

M'bokosimo mawaya amira m'mafuta, amene amachotsa kutentha komanso kutchinga moto kuti usadumphe. Mafuta amadana ndi chinyontho, ndipo kuno kunsi kwa phiri la Mulanje chinyontho sichisowa. Mathiransifoma ena ali ndi kabotolo kopumira kodzaza timiyala toyamwa chinyezi, tobiriwira ngati thambo tikakhala touma, tofiirira tikakhuta madzi, ndipo mmisiri amayang'ana pamenepo asanagwire china chilichonse. Amayang'ananso dontho lakuda pansi pa pholo ndi utoto wotupa pa thanki.

Choopsa kwambiri ndi akuba, amene amatsegula pansi usiku n'kukhetsa mafuta, ena n'kugwetsa bokosi lonse pofuna kopa. Thiransifoma yokhetsedwa siizima pomwepo. Imagwirabe ntchito kanthawi, mapepala okuta mawaya akupsa pang'onopang'ono, mpaka mawaya akhudzane. Ikafika apo siikonzekanso pa pholo. Pamafunika galimoto yonyamulira, thiransifoma ina ndi gulu lonse la amisiri, ndipo pa nthawi yodikirayo amayi amasenza chimanga kupita ku chigayo cha dizilo. Amisiri amangopempha kuti womva kugogoda pa pholo usiku, kapena woona mafuta atayikira pansi m'mawa, anene msanga, chifukwa akaizimitsa isanapse angathe kungoiyeza ndi kuithira mafuta ena, n'kuyaka tsiku lomwelo.