Ngongole yosatsikayi ilibe chitaka, ndi masamu a chiwongoladzanja

Pa benchi ya chipatala china cha m'dera la Lirangwe, pamene tinkadikira kuyezedwa kuthamanga kwa magazi, bambo amene ndinakhala naye pafupi anagwirizira mabuku awiri: lachipatala lija, ndi kabuku ka sukulu momwe anapindiramo sitetimenti ya ngongole. Ndi mphunzitsi wa pulayimale. Anesi atamuyeza anapeza magazi akuthamanga kupitirira 140/90, ndipo atamufunsa ngati akugona bwino, anayankha kuti tulo tinamuthawa tsiku limene analandira pepalalo.

Tikutuluka anandionetsa. Anatenga K1,000,000 kuti amalize kufolera nyumba. Kwa miyezi 12 akhala akumudula K45,804 kumalipiro mwezi uliwonse, osaphonya, ndiye kuti wapereka K549,648. Iye pamtima pake ankadziwa kuti wadutsa theka. Koma pepala likunena kuti yotsala ndi K775,712.

"Achimwene, tandiuzani, K325,000 yanga yalowera kuti? Anzanga ku sukulu akuti m'makompyuta mwawomo muli chitaka," anatero.

Mawu a chitakawa ndawamva kangapo, kwa akabaza a pa Chileka amene anagula njinga zamoto pangongole, kwa amayi a geni pa msika wa Lunzu, ngakhale kwa anthu amene anaphunzira masamu mpaka Fomu 4. Ena amati akalaliki amadya ndalamazo zisanafike. Ena amati dala banki imabisa zimene wapereka kuti usadzamalize. Kunena zoona, mphekeserazi zimanditopetsa, chifukwa munthu akangokhulupirira kuti walodzedwa kapena waberedwa, salionanso pepalalo. Amangodwala nalo. Chonsecho yankho lili pa pepala lomwelo, ndipo kalikyuleta ya pa foni ya mabatani ikhoza kulitulutsa.

Tinakhala pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu wa M1 n'kuyamba kuwerengera. Pa mgwirizano wake panalembedwa kuti chiwongoladzanja ndi 36 peresenti pa chaka, ndipo abweza kwa miyezi 36. Mukagawa 36 ndi miyezi 12, mupeza 3 peresenti pa mwezi. Nambala imeneyi ndiye kiyi, ndipo chofunika kuchigwira ndi chakuti 3 peresentiyo amaiwerengera pa ndalama imene ikadali m'manja mwanu mwezi umenewo.

Mwezi woyamba, m'manja mwa aphunzitsiwa munali K1,000,000 yonse. Ndiye 3 peresenti yake ndi K30,000. Imeneyi ili ngati lendi ya ndalama: mwaisunga mwezi wathunthu, mwalipira lendi yake, ndipo lendi sigula nyumba. Pa K45,804 imene anadulidwa, K30,000 inapita ku lendiyo. Yotsala, K15,804, ndi yokhayo imene inakhudza thunthu la ngongole. Choncho atapereka K45,804, ngongole inangochoka pa K1,000,000 n'kufika pa K984,196.

Mwezi wachiwiri amayambanso chimodzimodzi, koma pa thunthu latsopano. Tengani 3 peresenti ya K984,196, mupeza K29,526. Chotsani imeneyo pa K45,804, patsala K16,278, ndipo ngongole yafika pa K967,918. Mwezi wachitatu chiwongoladzanja ndi K29,038, yodula thunthu ndi K16,766, yotsala K951,152.

Aphunzitsi anayang'ana manambala atatuwo kwa kanthawi. M'miyezi itatu anapereka K137,412, koma ngongole inatsika ndi K48,848 yokha. Pa K3 iliyonse imene inachoka kumalipiro awo, pafupifupi K2 inali lendi. Titatsegula sitetimenti ija, manambala ake ankafanana ndi athu, kusiyana kwake kwacha imodzi kapena ziwiri za kuzunguliza matambala. K325,000 imene ankaifunafuna ndi chiwongoladzanja cha miyezi 12 chitaphatikizidwa: K325,360. Palibe amene anaiba.

Chimene chimandichititsa chidwi m'masamu amenewa ndi momwe magawo awiriwa amasinthanirana malo. Ndalama yodulidwa pa mwezi siisintha, ndi K45,804 kuyambira mwezi woyamba mpaka womaliza, n'chifukwa chake munthu amaganiza kuti mwezi uliwonse ukugwira ntchito yofanana. Koma m'kati mwake muli mpikisano. Taonaninso miyezi iwiri yoyamba ija. Chiwongoladzanja chinatsika kuchoka pa K30,000 kufika pa K29,526, kusiyana K474. K474 imeneyo yachokera kuti? Ndi 3 peresenti ya K15,804 imene inabwezedwa mwezi woyamba. Ndalama imeneyo sili m'manja mwanu tsopano, ndiye simuilipiriranso lendi. Ndipo poti ndalama yodulidwa ndi yomweyo, K474 imene lendi yasiya imasamukira ku gawo lodula thunthu, lomwe lakwera kuchoka pa K15,804 kufika pa K16,278. Mwezi wotsatira zichitikanso, mokulirapo pang'ono. Mwanjira ina, gawo lodula thunthu limakula ndi 3 peresenti mwezi uliwonse, mlingo womwewo wa chiwongoladzanja. Limayamba ngati kamwana kokwawa, koma silibwerera m'mbuyo.

Pa ngongole ya aphunzitsiyi, gawo lodula thunthu limaposa la chiwongoladzanja koyamba m'mwezi wa 14. Pofika mwezi wa 18, pamene nthawi yafika theka, ngongole imakhala ili pafupifupi K630,000. Theka lenileni la ndalama, K500,000, amadzalidutsa m'mwezi wa 23. Kenako zimathamanga: theka loyamba latenga miyezi 23, lachiwiri lingotenga 13. M'mwezi womaliza, pa K45,804 ija, chiwongoladzanja ndi K1,334 chabe, ndipo K44,470 yonse ikupita ku thunthu. Munthu amene akuyang'ana sitetimenti chaka choyamba chitatha ali pa gawo lopweteka kwambiri la ulendowu, ndipo ndi pamene ambiri amataya mtima.

Ndisanamizire kuti poti palibe chitaka ndiye kuti ngongoleyi ndi yotchipa. Pomaliza aphunzitsiwa adzakhala atapereka K1,648,944 pa K1,000,000 imene anatenga. Kuchedwa kutsika kwa thunthu kumakula ndi kukwera kwa chiwongoladzanja, ndipo kuno kwathu n'chokwera. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, Banki Yaikulu ya Malawi inakweza mlingo wake wa chiwongoladzanja kufika pa 26 peresenti mu Febuluwale 2024, ndipo obwereketsa amaikapo zawo pamwamba. Amene anamva kwa m'bale wake wa ku Joni kuti ngongole yake imatsika msanga asaiwale kufunsa mapelesenti ake.

Chimene chinandidetsa nkhawa kwambiri ndi chimene aphunzitsi ananena kenako, chakuti anzawo awalangiza kuti akawonjezere ngongoleyo, aitalikitse kufika miyezi 60 kuti kudulidwa kuchepe. Tinawerengeranso pa K1,000,000 yomweyo, 3 peresenti yomweyo. Pa miyezi 60 amadula K36,133 pa mwezi. Mpumulo wake ndi K9,671, ndipo kwa munthu amene malipiro amamuthera pa 10 mwezi, imeneyo si yochepa. Koma lendi ya mwezi woyamba ikadali K30,000, chifukwa thunthu ndi lomwelo. K9,671 yonseyo yachotsedwa ku gawo lodula thunthu, lomwe tsopano latsala K6,133 m'malo mwa K15,804. Chaka chikatha ngongole imakhala ikadali pafupifupi K913,000, ndipo pomaliza mwapereka K2,167,980. Kuwonjezera ngongole pakatikati kuli ndi vuto lina. Munthu amene wapirira miyezi 13 yowawa, wangotsala pang'ono kufika pamene thunthu liyamba kugwa mofulumira, amabwezedwa ku mwezi woyamba wa ngongole yatsopano, kumene lendi imadya gawo lalikulu. Ndikudziwa ogwira ntchito m'boma amene achita zimenezi katatu kanayi, n'kumadabwa kuti zaka zikupita ngongole ili pomwepo. Amenewanso amati ndi chitaka.

Sikuti sitetimenti iliyonse ndi yoyera. Pali obwereketsa amene amawerengera chiwongoladzanja pa ndalama yoyamba ija mpaka kumapeto, ngakhale mwabweza yambiri. Pamenepo 3 peresenti ikutanthauza K30,000 mwezi uliwonse kwa miyezi 36, yonse pamodzi K1,080,000, pamene njira ya aphunzitsi ija ndi pafupifupi K649,000. Pa chikwangwani onse alemba 3 peresenti. Mungazindikire poyang'ana mzere wa chiwongoladzanja pa sitetimenti: ngati nambala yake siikutsika mwezi ndi mwezi, muli pa njira yodulayo. Palinso ndalama ya inshuwalansi ndi yokonzera mapepala, imene ena amaidula musanalandire ndipo ena amaiphatikiza ku thunthu kuti nayonso izibereka. Ngati kudula kumalipiro kunachedwa kuyamba, kapena kunadumpha mwezi, lendi ya mwezi umenewo siikhululukidwa, ndipo nthawi zambiri pamabweranso chindapusa. Ngongole zambiri za m'mabanki zimayendanso ndi mlingo umene umasinthasintha, kotero 3 peresenti ya chaka chatha ikhoza kukhala ina chaka chino.

Apa ndiye pamene mphekesera ya chitaka imapweteka anthu koposa. Munthu amene akudziwa kuti mwezi wachitatu ayenera kutsala ndi K951,152 akhoza kuona pamene pepala lanena K970,000, n'kupita kukafunsa kuti K19,000 yapamwambayo ndi ya chiyani. Amene amangoti onse ndi akuba sangasiyanitse pepala lolondola ndi lolakwika. Pemphani ndandanda wa kabwezedwe, wosonyeza mwezi uliwonse ndi magawo ake awiri, muwerengere nokha mizere itatu yoyamba. Zikasiyana ndipo wobwereketsa sakufotokoza zomveka, madandaulo amapita ku Banki Yaikulu, imene imayang'anira mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama ovomerezeka. Wa katapila wa pa msika ndi nkhani ina.

Tisanasiyane, aphunzitsi anafunsa za nandolo wawo, amene akuyembekezera kuti awapatsa K100,000. Pa 3 peresenti, K100,000 ikalowa ku thunthu imachotsa K3,000 pa lendi ya mwezi wotsatira, ndipo K3,000 imeneyo imasamukira ku gawo lodula thunthu mwezi ndi mwezi mpaka ngongole ithe msanga. Ndinawauza kuti akafunse kaye ngati mgwirizano wawo ulibe chindapusa cha kubweza msanga, ndiponso kuti akaonetsetse kuti ndalamayo yalembedwa ku thunthu, isangosungidwa ngati malipiro a miyezi ya m'tsogolo. Analemba mafunso awiriwo kuchikuto cha kabuku kaja. Za magazi, anesi anali atawauza kale kuti abwerenso akayezedwe, ndipo tsiku lake lili m'buku lina lija.