Kusanja popanda kumwaza zomwe zasanjidwa kale: nzeru ya Timsort

Yerekezani kalaliki amene amasunga makadi a mayina m'bokosi, kuyambira a Banda kutsogolo mpaka a Zimba kumapeto. Lero kwabwera makadi atatu atsopano. Kalaliki wanzeru sakhuthulira bokosi lonse patebulo n'kuyambiranso. Amatenga khadi la a Gondwe, n'kupisa zala chapakati, n'kuona kuti wapitirira chifukwa wafika kwa a Kalua, n'kubwerera pang'ono, n'kuliika pamalo pake. Makadi enawo sawakhudza n'komwe.

Zimenezi n'zosavuta kwa munthu chifukwa maso ake amaona bokosi lonse nthawi imodzi. Kompyuta ilibe maso otero. Imene imatha n'kutenga zinthu ziwiri n'kufunsa kuti chiyenera kutsogola n'chiti. Funso limodzi lotere timalitcha kuyerekeza, ndipo ndi limene akatswiri amawerenga akafuna kudziwa kulemera kwa ntchito yosanja. Kusanja zinthu 100,000 zosokonezeka kotheratu kumafuna kuyerekeza pafupifupi ka 1,500,000 ngakhale njira yake ikhale yabwino bwanji. Koma m'ntchito zenizeni zinthu sizibwera zosokonezeka kotheratu. Malisiti amabwera motsatira masiku, kaundula wa dzulo amakhala wosanjidwa kale, ndipo zatsopano zimangowonjezedwa kumunsi. Njira zambiri zakale sizinkalabadira zimenezi. Mtundu wina wa Quicksort, umene umatenga chinthu choyambirira kukhala chogawira zinazo, umavutika kwambiri ukapatsidwa mndandanda wosanjidwa kale: pa zinthu 100,000 umayerekeza pafupifupi ka 5 biliyoni.

Mu 2002 Tim Peters, mmodzi mwa okonza chiyankhulo cha mapulogalamu cha Python, analemba njira yosanjira imene imayamba yafufuza dongosolo lomwe lilipo kale. Anamanga pa njira yosanja mophatikiza imene John von Neumann anafotokoza mu 1945, n'kutengako maganizo ena m'zimene Peter McIlroy analemba mu 1993. Njirayo inadziwika ndi dzina loti Timsort. Inalowa mu Python 2.3, kenako mu Java 7 mu 2011, mu Android, ndiponso mu V8, injini yoyendetsa JavaScript mu Chrome, mu 2018.

Kuti timvetse mmene imagwirira ntchito, tiyeni titsatire nkhani imodzi mpaka kumapeto. Bungwe lina lili ndi mayina 100,000 osanjidwa motsatira afabeti. Mwezi uno kwalembetsa anthu 500, ndipo mayina awo aikidwa kumunsi monga mmene eniake anafikira. Wolemba pulogalamu wangolemba mizere iwiri:

```python
mayina.extend(atsopano)
mayina.sort()
```

Choyamba Timsort imayenda kuchokera pamwamba, n'kumayerekeza dzina lililonse ndi lotsatira lake. Malinga ngati lotsatiralo silikubwerera m'mbuyo, imapitiriza. Chigawo chotere, chimene chili kale m'dongosolo, Peters anachitcha `run`. Ife tichitche mtunda. M'nkhani yathu mtunda woyamba ndi wautali zedi: mayina onse 100,000 akale, ndipo kuupeza kwatenga kuyerekeza pafupifupi ka 100,000 basi. Mndandanda ukanakhala wosanjidwa mpaka kumapeto, ntchito ikanathera pomwepa. Ukapezeka mtunda wotsika, monga 90, 71, 40, 12, Timsort imangoutembenuza mutu kukhala kumiyendo, n'kuuwerenga ngati mtunda wokwera.

Apa pali kanthu kakang'ono kamene ndimakakonda. M'malamulo oyambirira amene Peters analemba, mtunda wotsika unkayenera kutsika ndithu pa sitepe iliyonse. Zinthu ziwiri zofanana zikakumana, mtundawo unkathera pomwepo. Chifukwa chake n'chakuti ngati pali a Phiri awiri, amene anali patsogolo ayenera kukhalabe patsogolo kusanja kukatha. Kutembenuza mtunda wokhala ndi onse awiri kukanawasinthanitsa. Lonjezo limeneli ndi limene limachititsa kuti munthu athe kusanja kaundula potsatira mayina, kenako potsatira maboma, n'kupeza kuti m'boma lililonse mayina akadali m'dongosolo la afabeti.

Tafika tsopano pa mayina 500 atsopano aja. Kuno mitunda ndi yaifupi, mayina awiri kapena atatu kenako dongosolo lathyoka. Kuphatikiza timitunda totere tambirimbiri kungakhale kutaya nthawi, choncho Timsort imakhala ndi utali wochepetsetsa umene imalola, wotchedwa `minrun`. Mu Python nambala imeneyi imakhala pakati pa 32 ndi 64, ndipo imasankhidwa potengera kukula kwa mndandanda wonse; pa zinthu 100,500 imatuluka 50. Mtunda ukafupika, Timsort imatenga mayina otsatira limodzilimodzi n'kumawalowetsa pamalo pake, ngati kalaliki uja, mpaka akwane 50. Mayina 500 asanduka mitunda khumi ya mayina 50. Mitundayi imaphatikizidwa iwiriiwiri mpaka ikhale mtunda umodzi wa mayina 500. Ntchito yonse ya chigawo chino sifika kuyerekeza ka 4,500.

Kwatsala kuphatikiza mtunda wa 100,000 ndi wa 500, ndipo apa ndi pamene pagona luso. Kuphatikiza wamba kuli ngati mizere iwiri ya anthu yolowera pakhomo limodzi: umayerekeza amene ali kutsogolo kwa mzere uliwonse, woyenera n'kulowa, n'kuyerekezanso. Kuchita zimenezi pano kungafune kuyerekeza pafupifupi ka 100,000 kenanso, pomwe pakati pa dzina latsopano ndi linzake pali mayina akale pafupifupi 200 amene ayenera kungodutsa onse pamodzi.

Timsort imawerenga kuti mbali imodzi yapambana kangati motsatizana. Ikapambana kasanu ndi kawiri, imasiya kuyenda pang'onopang'ono n'kuyamba kulumpha. Imagwira dzina latsopano, n'kuliyerekeza ndi dzina lakale loyandikira, kenako lomwe lili malo 1 kuchokera pamenepo, kenako 3, 7, 15, 31, 63, 127, 255. Tinene kuti malo ake enieni ali pa 200. Pa 127 linali lisanafike, pa 255 lapitirira. Tsopano imadula pakati pa 127 ndi 255, n'kutaya theka losayenera, n'kudulanso, mpaka kasanu ndi kawiri. Malo apezeka itayerekeza ka 16 m'malo mwa ka 200, ndipo mayina 200 aja amasunthidwa onse kamodzi ngati mtolo. Pa mayina 500, zimenezi ndi kuyerekeza pafupifupi ka 8,000 kapena 9,000.

Tikawonkhetsa zonse, kusanja kwatha ndi kuyerekeza kosafika ka 120,000, pomwe mndandanda womwewo ukanakhala wosokonezeka ukanafuna kupitirira ka 1,500,000. Malo ongosungirako zinthu pophatikiza nawonso ndi ochepa, chifukwa Timsort imakopera pambali mtunda waung'ono wokha, mayina 500 aja. Zinthu zikavuta kwambiri, malo amenewa amafika theka la mndandanda wonse.

Kulumphaku sikupindulitsa nthawi zonse. Ngati mitunda iwiri yalukanalukana, uku chimodzi uko chimodzi, kulumpha kumadya kuyerekeza kochuluka kuposa kuyenda wamba. Timsort imazindikira zimenezi ili m'kati mwa ntchito: kulumpha kukalephera kubweza phindu imabwerera ku kuyenda wamba n'kukweza nambala 7 ija kuti isafulumire kulumphanso, ndipo kukapindula imaitsitsa. N'chifukwa chake pa zinthu zosokonezeka kotheratu sitaya zambiri, koma sichitanso zodabwitsa. Imangofanana ndi kusanja mophatikiza kwabwino.

Anthu ambiri amasokonezeka ndi mawu oti "pafupifupi zosanjidwa". Mndandanda umakhala wosanjidwa potsatira chinthu chimodzi chokha. Kaundula wathu uja, mukamusanja potsatira zaka zobadwa, kwa Timsort ndi wosokonezeka ngati nyemba m'lichero, ndipo phindu lonse lija palibe. Palinso vuto la manambala osungidwa ngati malemba. M'maso mwanu 8, 9, 10, 11 ali m'dongosolo, koma kompyuta ikawaona ngati malemba imayamba ndi chizindikiro choyamba, ndipo "10" amatsogolera "9". Mukaona 10 ndi 11 akwera pamwamba pa 8, musakayikire Timsort. Onani mmene manambalawo asungidwira.

Lamulo loyerekezera nalonso liyenera kukhala losadzitsutsa. Ngati likunena kuti A atsogolere B, B atsogolere C, koma C atsogolerenso A, kulumpha kuja kumakafika polakwika, chifukwa kumakhulupirira kuti zimene yadumpha zili m'dongosolo. Java nthawi zina imagwira vutoli n'kuima ndi uthenga wakuti `Comparison method violates its general contract!` ndipo mapulogalamu ena amene ankayenda bwinobwino kale anayamba kuuona atasamukira ku Java 7. Python siichenjeza, imangobweza mndandanda wosalongosoka, monga zimachitikira pakati pa manambala pakakhala `nan`.

Timsort yeniyeniyo inapezekanso ndi chilema. Mitunda imene yapezeka koma sinaphatikizidwe imaunjikidwa pamulu, ndipo pali lamulo loti mtunda uliwonse ukhale wautali kuposa iwiri ya pamwamba pake itaphatikizidwa. Lamuloli limathandiza kuti mitunda yophatikizidwa izikhala yofananako kukula, komanso kuti muluwo usatalike. Mu 2015 Stijn de Gouw ndi anzake ankafuna kutsimikiza mwa masamu, pogwiritsa ntchito chida chotchedwa KeY, kuti Timsort ya mu Java ilibe cholakwa. Umboniwo unakana kutheka. Atafufuza anapeza kuti pulogalamuyo inkangoyang'ana mitunda itatu ya pamwamba, pomwe kuphatikiza kwina kunkatha kuswa lamulo m'munsi mwa mulu osaonekera. Anakonza mndandanda wa zinthu 67,108,864 woyalidwa mwadala, mulu unasefukira, pulogalamu n'kugwa. Chilemachi chinakhala zaka zoposa khumi osadziwika chifukwa mndandanda wotero sumangochitika wamba. Okonza Python anawonjezera kuti iziyang'ananso mtunda wachinayi, pomwe a Java poyamba anangokulitsa malo a muluwo.

Lamulo la mulu limeneli ndi limenenso linadzasinthidwa pambuyo pake. Mu 2018 Ian Munro ndi Sebastian Wild anafotokoza njira yotchedwa Powersort, imene imasankha mitunda yoti iphatikizidwe poyang'ana pamene pakati pa mtunda uliwonse pagwera mu mndandanda wonse, kuti mtunda wautali usamasunthidwe kambirimbiri popanda chifukwa. Peters mwiniwake anailowetsa mu Python 3.11, imene inatuluka mu 2022. Kufufuza mitunda, `minrun` ndi kulumpha zinatsala mmene zinalili, ndipo mizere iwiri ija ya mayina 100,500 imalembedwa chimodzimodzi lero.