Kusefa kanema wautali: mmene ffmpeg imatapira chithunzi pa masekondi 10 aliwonse

Tiyerekeze kuti mwini golosale wazindikira madzulo kuti katoni ya mafuta ophikira yasowa m'chipinda chosungira katundu. Akukumbukira kuti katoniyo inalipo nthawi ya nkhomaliro, ndipo kamera yachitetezo inajambula maola awiri otsatira. Vuto ndi lakuti kuonera kanema yense n'kutaya nthawi, pomwe kumuthamangitsa kungachititse kuti diso lidumphe mphindi yofunikayo.

Njira yachidule ndi kutapa chithunzi chimodzi pa masekondi 10 aliwonse, kenaka n'kuziyala zonse ngati makadi pa tebulo. Ntchito imeneyi imatheka ndi ffmpeg, pulogalamu yaulere yomwe katswiri wa ku France, Fabrice Bellard, anaiyambitsa m'chaka cha 2000. Imagwira ntchito pa Windows, macOS ndi Linux, ndipo ilibe mabatani: munthu amachita kulemba lamulo pa windo la malamulo, monga Command Prompt kapena Terminal.

Kanema ndi mndandanda wa zithunzi zoima zomwe zimaonetsedwa mofulumira. Ngati kamera ijambula zithunzi 25 pa sekondi, maola awiri, omwe ndi masekondi 7,200, amakhala ndi zithunzi 180,000. Tikatenga chimodzi pa masekondi 10 aliwonse, titsala ndi zithunzi pafupifupi 720, zomwe munthu angathe kuziunika asanamalize kapu ya tiyi.

Choyamba, pangani foda yotchedwa `zithunzi` pamalo pomwe pali kanemayo. Pulogalamuyi siipanga yokha foda, ndipo ikaisowa imaima n'kudandaula kuti yalephera kutsekula fayilo. Mukatero, lembani lamulo ili:

```
ffmpeg -i kanema.mp4 -vf fps=1/10 -q:v 2 zithunzi/ch_%04d.jpg
```

Mawu a `-i` akuloza kanema woti awerengedwe. Gawo la `-vf fps=1/10` ndiye sefa yeniyeni: likunena kuti pa masekondi 10 aliwonse patuluke chithunzi chimodzi. Nambala ya pa `-q:v` imalamula kuwala bwino kwa chithunzi cha JPEG. 2 amapereka chithunzi chooneka bwino kwambiri, pomwe 31 amapereka chosaoneka bwino koma chopepuka. Pomaliza, `%04d` amapatsa zithunzi manambala a malo anayi, kuyambira `ch_0001.jpg` kupita m'tsogolo.

Cholakwa chofala ndi kulemba `fps=10` m'malo mwa `fps=1/10`. Kusiyana kwake n'kwakukulu, pakuti `fps=10` akutanthauza zithunzi 10 pa sekondi iliyonse. Pa kanema wathuyu zingatuluke zithunzi 72,000, zokwanira kudzaza kompyuta yomwe malo ake ndi ochepa kale. Mukaona nambala ya `frame=` pansi pa windo ikudutsa chiwerengero chomwe munayembekeza, dinani `q` kuti ntchito iime.

Koma pali msampha wina wobisika, ndipo ndi umene ungapweteketse munthu wosalakwa. Ambiri amaganiza kuti chithunzi choyamba chikuchokera pa sekondi 0, chachiwiri pa sekondi 10, n'kumapita choncho. Ndi lamulo lapamwambali, sizili choncho. Sefa ya `fps` imakankhira nthawi ya chithunzi chilichonse ku malire omwe ali pafupi nacho. Motero zithunzi zonse za m'masekondi 5 oyambirira zimawerengedwa kuti ndi za pa 0, ndipo sefayo imasunga chomaliza mwa izo. Zotsatira zake n'zakuti chithunzi choyamba chimachokera cha pa sekondi 5, chachiwiri cha pa 15, chachitatu cha pa 25.

Pa masekondi 10, kuphonyaku ndi kwa masekondi 5 okha. Koma mukasankha chithunzi chimodzi pa mphindi 10 zilizonse, mwa kulemba `fps=1/600`, kuphonyako kumafika mphindi 5 zathunthu. Mu mphindi zisanu anthu angapo angathe kulowa ndi kutuluka m'chipinda, ndipo mlandu ungagwere amene sanakhudze katoniyo. Mankhwala ake ndi kuuza sefayo kuti izikankhira nthawi m'tsogolo:

```
ffmpeg -i kanema.mp4 -vf fps=1/10:round=up -q:v 2 zithunzi/ch_%04d.jpg
```

Tsopano chithunzi choyamba ndi cha pachiyambi penipeni, chachiwiri cha pa sekondi 10, ndipo nambala ya chithunzi yasanduka wotchi. Kuti mupeze nthawi, chotsani 1 pa nambalayo, kenaka chulukitsani ndi 10.

Tibwerere ku golosale ija. Mwini wake akuyang'ana zithunzi ndipo akuona kuti pa `ch_0252.jpg` katoni ilipo, koma pa `ch_0253.jpg` palibe. Chithunzi cha 252 chili pa sekondi 2,510, pomwe cha 253 chili pa sekondi 2,520, kutanthauza mphindi 42 ndendende kuchokera pomwe kanema anayambira. Maola awiri aja afupika kufika pa masekondi 10.

Apa m'pofunika kusefa kachiwiri, ndi sefa ya maso ang'onoang'ono. Lamulo lotsatirali likudumphira pa mphindi 41 ndi masekondi 45, likuwerenga masekondi 20 okha, ndipo likutapa zithunzi 5 pa sekondi:

```
ffmpeg -ss 00:41:45 -i kanema.mp4 -t 20 -vf fps=5 -q:v 2 zithunzi/pafupi_%03d.jpg
```

Patuluka zithunzi pafupifupi 100, ndipo pakati pa izo pali dzanja lomwe linanyamula katoniyo. Taonani kuti `-ss` walembedwa `-i` asanafike. Zikatero ffmpeg imalumpha n'kukafika pafupi ndi malowo, m'malo moyamba yawerenga mphindi 41 zonse. Taonaninso kuti dzina lasintha kukhala `pafupi_`. Mukabwereza dzina ndi manambala omwewo, zithunzi zatsopano zimafufuta zakale.

Njirayi ili ndi malire ake. Imagwira bwino chinthu chomwe chasintha n'kukhala chosinthika, monga katoni yomwe yachoka pa shelefu. Koma chochitika chachifupi kuposa mpata womwe mwasankha chingathe kudutsa osajambulidwa. Munthu amene walowa n'kutuluka m'masekondi 6 akhoza kusaoneka pa chithunzi chilichonse cha masekondi 10. Choncho kusaoneka kwa munthu pa zithunzizo si umboni woti sanalowemo. Mpata uyenera kukhala waufupi kuposa chinthu chomwe mukufunafuna.

Chenjezo lina likukhudza makamera omwe amajambula pokhapokha pakakhala choyenda. Kanema wotere amakhala ndi mipata. Ngati mipatayo yasungidwa m'nthawi ya fayilo, sefa ya `fps` imabwereza chithunzi chimodzimodzi kuti itseke mpatawo, ndipo mudzazindikira poona zithunzi zambiri zofanana motsatizana. Ngati zidutswa zinangolumikizidwa popanda mipata, masamu athu aja apereka malo a m'fayilo, osati nthawi ya pa wotchi ya pakhoma. Pamenepo dalirani nthawi yomwe kamera imadinda pakona pa chithunzi, mutatsimikiza kuti wotchi ya kamerayo ndi yolondola.

Musanakhulupirire zotsatira, chitani mayeso awiri. Werengani zithunzi zomwe zatuluka; pa maola awiri ziyenera kukhala 720, mwina kusiyana ndi chimodzi. Kenaka tsekulani kanemayo, pitani pa mphindi 42, ndipo yerekezani zomwe mukuona ndi `ch_0253.jpg`. Zikafanana, masamu anu ali bwino. Ndipo ngati nkhaniyo ikupita kupolisi, musafufute kanema woyambayo: zithunzi zangokulozerani malo, koma zomwe zinachitika pakati pa chithunzi ndi chinzake zili m'kanemamo.