Tayala Likayandama pa Madzi a Mvula

Galimoto imagwira msewu pa malo anayi okha, ndipo malo aliwonse ndi aakulu ngati chikhatho cha munthu wamkulu. Kukhota, kuima ndi kuthamanga zonse zimadalira kuti labala wa tayala akhudzane ndi phula pa malo amenewa. Mvula ikagwa, madzi amalowa pakati, ndipo tayala liyenera kuwakankha lisanaponde pansi. Likalephera limakwera pamwamba pa madziwo n'kumatsetsereka ngati bwato. Mabuku a zamagalimoto amati kumeneku ndi hayidiropuleningi kapena akwapuleningi, ndipo kukachitika chiwongolero ndi mabuleki zimasiya kumvera woyendetsa.

Ntchito imene tayala limagwira pamadzi ndi yaikulu kuposa mmene imaonekera. Tayala la galimoto yaing'ono limaponda msewu pa malo okwana masentimita pafupifupi 16 m'lifupi. Ngati madzi adikha pamsewu mamilimita 5 ndipo galimoto ikuyenda makilomita 90 pa ola, ndiye kuti ikudutsa mamita 25 pa sekondi iliyonse. Kuchulukitsa manambala atatuwa kukupereka malita 20. Tayala limodzi lakutsogolo likukumana ndi chidebe chodzadza cha madzi pa sekondi iliyonse. Ena amathovokera m'mbali, ena amalowa m'mizere yojobedwa pa tayala, imene ili ngati ngalande zotulutsira madzi. Nthawi yake ndi yochepa zedi, chifukwa kachigawo kalikonse ka labala kamakhala pansi kwa nthawi yosakwana gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi.

Madzi ali ndi kulemera, choncho sachoka msanga akagundidwa. Amaunjikana kutsogolo kwa tayala ngati mphero imene mmisiri amakhomera pong'amba chipika, n'kumakankhira tayalalo m'mwamba. Mphamvu yokankhayi siikula mofanana ndi liwiro. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. N'chifukwa chake chithaphwi chimene galimoto imadutsa bwinobwino pa makilomita 50 pa ola chimatha kuinyamula pa makilomita 100. Ndiponso kuyandama sikubwera mwadzidzidzi: mphero ya madzi ija imalowa pansi pa tayala pang'onopang'ono kuyambira kutsogolo, malo ogwira phula amanka nachepa, ndipo mabuleki amakhala atafooka kale tayala lisanayandame lonse.

Chimene chimalimbana ndi madziwo ndi mpweya wa m'tayala. Tayala limatsindira pansi ndi mphamvu yofanana ndithu ndi mpweya umene lapopedwa, ndipo limayandama pamene kukankha kwa madzi kwafika pa mlingo umenewo. Akatswiri a bungwe la NASA ku America, Walter Horne ndi Robert Dreher, anafufuza zimenezi pa matayala a ndege ndipo mu 1963 anatulutsa lamulo lachidule. M'miyezo ya makilomita limalembedwa motere:

V = 6.36 × √p

V ndi liwiro pa ola, p ndi mpweya monga momwe geji imauwerengera mu kPa, ndipo √p ndi nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imapereka p. Tayala lopopedwa kufika 220, mlingo wofala pa magalimoto aang'ono, limayandama pa makilomita pafupifupi 94 pa ola. Lomwelo likaphwa kufika 150, liwirolo limatsika kufika pafupifupi 78. Tayala la 150 silioneka lakuphwa kwenikweni m'maso, koma lataya makilomita 16 a chitetezo. Likaphwa chonchi pakati pake pamapindikira m'kati, madzi amasonkhana m'chibowo chimenecho, ndipo mizere imapanikizika m'malo motseguka.

Pali madalaivala amene amati kuphwetsako tayala nthawi ya mvula kumalithandiza kugwira msewu. Nzeru imeneyi ndi ya pamchenga ndi m'matope. Pa phula lonyowa imabweretsa ngozi pafupi. Kupopa mopitirira muyezo sikuthandizanso, chifukwa tayala limatha msanga pakati ndipo limadumphadumpha pa mabampu. Mlingo woyenera umalembedwa pa kapepala komatidwa pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala kapena pa chivindikiro cha mafuta, ndipo uyenera kuyezedwa tayala lisanatenthe ndi ulendo.

Lamulo la Horne ndi Dreher lili ndi malire ake. Linapangidwira tayala losalala, kapena madzi akuya kuposa mizere ya tayala. Madzi akakhala ochepa, mizere ndi imene imalamula. Tayala latsopano la galimoto yaing'ono limakhala ndi mizere yakuya mamilimita pafupifupi 8. Ku Ulaya lamulo limaletsa kuyenda ndi tayala limene mizere yake yatsika kupitirira mamilimita 1.6, ndipo opanga matayala amaika timipiringidzo ta msinkhu womwewo m'kati mwa mizere, pamene m'mbali mwa tayala pamakhala chizindikiro cha TWI kapena kakona zitatu. Labala akaperepeseka mpaka kulingana ndi timipiringidzoto, tayala latha. Komabe pa mamilimita 1.6 ngalande yatsala ndi gawo limodzi lokha mwa magawo asanu a kuya kwake, pamene chidebe cha madzi chija sichinachepe. N'chifukwa chake akatswiri ambiri amalangiza kusintha tayala likafika mamilimita 3. Ogula matayala akaunjika ayenera kukumbukira kuti mtengo wotsikawo umabwera ndi mizere yotsikanso. Poyeza ndi bwino kuyeza m'mbali zonse ziwiri ndi pakati, chifukwa tayala lodyeka mbali imodzi limanyenga maso.

Munthu akagula matayala awiri okha, atsopanowo ayenera kupita kumbuyo, ngakhale galimoto ikhale yokoka ndi mawilo akutsogolo. Akutsogolo akayandama galimoto imangopitirira molunjika, ndipo dalaivala amamva n'kuchepetsa liwiro. Akumbuyo akayamba ndiwo kuyandama, galimoto imatembenuka, ndipo kuibweza kumavuta.

Msewu nawo uli ndi mbali yake. Umamangidwa wokwera pakati kuti madzi azitsikira m'mphepete, koma magalimoto olemera amasiya mikwasa iwiri pa phula pamene mawilo amadutsa, ndipo madzi amadikha m'menemo. Malo otsika ndi pamene ngalande zatsekeka amasunganso madzi. Mvula yoyamba itatha nyengo ya chilimwe imabweretsa kuterera kwa mtundu wina: fumbi, mafuta ndi zinyenyeswa za labala zimasakanikirana ndi madzi kukhala ngati thelere, ndipo kameneka kamatereretsa ngakhale pa liwiro lochepa.

Tayala likayandama chiwongolero chimapepuka mwadzidzidzi, ndipo injini imatha kulira mokweza pamene galimoto sikuwonjezera liwiro, chifukwa mawilo akuzungulira pamadzi. Dalaivala ayenera kuchotsa phazi pa moto pang'onopang'ono, kugwira chiwongolero molunjika kumene akupita, ndi kupewa kuponda mabuleki mwamphamvu. Liwiro likatsika tayala limabwerera pa phula lokha, kawirikawiri m'masekondi ochepa. Ngozi zambiri zimachitika pa nthawi yobwererayi: ngati mawilo anali atakhotetsedwa ali pamadzi, akagwira pansi galimoto imalumphira komwe aloza. Mabuleki a ABS amaletsa mawilo kumangika, koma amagwira ntchito ndi kugwira kumene tayala lili nako, ndipo pa tayala loyandama kugwirako kumakhala kulibe mpaka liwiro litatsika.